Kaseti ya kwaya ikuthamanga, mbale ikuthetheka: tiyambire pati?

Nabanda: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndikusamutsira mu kompyuta makaseti a kwaya ya kutchalitchi kwathu, ojambulidwa m'zaka za m'ma 1990 kuchokera pa mikisa. Deki ndalumikiza ku laputopu kudzera pa Behringer UCA202, ndipo ndikujambula ndi Audacity. Kaseti imodzi mawu akumveka okwera, azibambo a besi akukhala ngati anyamata, nyimbo ikufulumira. Ndiponso mawu ake ndi obanika, sakuwala. Palinso mbale zingapo zazing'ono za 45 zomwe zikuthetheka kwambiri. Ndiyambe ndi chiyani?

Gama_Jnr: Zophweka izo achemwali. Sankhani nyimbo yonse, pitani pa Effect, Change Pitch, tsitsani mpaka mabesi abwerere m'malo. Za kuthethekazo pondani Noise Reduction, zonse zichoka.

Che Mawaya: A Gama, pa Change Pitch mwawasocheretsa mayiwa. Tepi ikathamanga zinthu ziwiri zimasintha limodzi: mawu amakwera, nyimbo imafupika. Change Pitch imatsitsa mawu okha, kufulumira kumatsala, ndipo pochita zimenezo imadula ndi kulumikiza tizidutswa ta mawu, mwakuti kwaya imatuluka ikunjenjemera. Chofunika ndi Change Speed, imene m'ma Audacity atsopano yalembedwa Change Speed and Pitch. Iyoyo imachita ndendende zomwe mota ikanachita ikanachepetsa liwiro.

Koma a Nabanda, musakhudze kaye menyu iliyonse. Funso loyamba ndi lakuti wolakwa ndani, deki yomwe mukuseweretsera lero kapena makina omwe anajambula kalelo. Kaseti imayenera kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi. Ngati deki yanu ikupitirira pamenepo, makaseti onse atuluka olakwika ndipo mankhwala ake ndi sikuludiraiva. Ngati inalakwa ndi yojambulira, deki musaigwire, mukonza fayilo ya kaseti imodziyo basi.

Poyesa, pezani kaseti yogula m'sitolo yomwe ili ndi nyimbo imene muli nayonso pa CD. Jambulani nyimboyo mu Audacity, ikani ya pa CD pansi pake, muyeze kuchokera pa ng'oma yoyamba kufika pa yomaliza. Nyimbo ya mphindi 4 ikatha pa mphindi 3 ndi masekondi 51, deki ikuthamanga ndi 4 peresenti. Kusiyana kwa sekondi imodzi kapena ziwiri musadandaule nako, makaseti ogulawo nawonso sankatuluka ofanana ndendende. Yesani makaseti awiri ochokera kosiyana, chifukwa ena ankakoperedwa mothamangitsa pa makina otopa.

Mbalezakale: Kuwonjezera pa za madala. Mafundi amagwiritsa tepi yoyesera yokhala ndi kulira kwa 3000 Hz kapena 3150 Hz. Mukaisewera n'kuona 3090 m'malo mwa 3000, ndiye 3 peresenti imeneyo. Ma deki ambiri kumbuyo kwa mota kuli kabowo, mkati mwake muli kosinthira liwiro. Mumalowetsa kasikuludiraiva kakang'ono, makamaka kapulasitiki kuti musagunditse magetsi, n'kupotoza pang'onopang'ono tepi ikuyenda. Deki iyambe yatentha kwa mphindi 10. Chenjezo: tepi yoyesera yojambula nokha pa deki yomweyo ndi yopanda ntchito. Idzakuuzani kuti zonse zili bwino, poti inajambulidwa ndi liwiro lolakwika lomwelo.

Nabanda: Ndayesa ndi makaseti awiri ogula. Nyimbo ya 4:12 pa CD yatuluka 4:11, inayo yafanana. Ndiye deki ilibe mlandu. Makaseti ena a kwaya yomweyo akumvekanso bwino, ndi imodzi yokhayi.

Che Mawaya: Ndiye yojambulira inkayenda mochedwa tsiku limenelo. Tepi yojambulidwa mochedwa ikaseweredwa pa liwiro loyenera imathamanga. Tsopano tipeze kuti ndi pamlingo wanji, osati mongoganizira ndi khutu.

Mwati anajambula kuchokera pa mikisa. Mikisa ndi ampulifaya za m'matchalitchi nthawi zambiri zimalowetsa kung'ung'udza kwa magetsi, ka "mmmm" kaja kapansipansi. Magetsi a kuno ndi a 50 Hz, chimodzimodzi ku Zambia, ku Joni ndi ku Mangalande. Kung'ung'udzako kunalowa pa tepi kuli pa 50 Hz, choncho kunathamanga limodzi ndi nyimbo. Mukakuyeza lero mupeza nambala yomwe ikuuzeni kulakwika konse.

Pezani malo opanda kuimba, pakati pa nyimbo ziwiri pomwe maikolofoni anali akadali otsegula, masekondi 10 kapena kuposerapo. Asankheni, pitani pa Analyze, Plot Spectrum. Pa Size ikani 65536, pa Axis ikani Log frequency. Yendetsani kalozera pa nsonga zomwe zili kumanzere, muwerenge nambala ya Peak. Musathere pa nsonga yoyamba. Pulogalamuyi imaonetsa manambala athunthu okha, ndiye pa 50 Hz kuphonya ndi 1 Hz ndi kuphonya ndi 2 peresenti yonse. Kung'ung'udza kumakhala ndi ana ake pa 100, 150, 250, ndipo mukawerenga pa 250 kuphonya komweko kumatsika kufika pa 0.4 peresenti.

Nabanda: Ndasokonezeka pang'ono bambo. Pali nsonga ziwiri zogundizana, ina pa 50 ina pa 52. Kumtunda kuli 156 ndi 260, zazitali bwino. Pali kena kakang'ono pa 150. Nditenge iti?

Gama_Jnr: Ngati 50 ilipo ndiye liwiro lili bwinobwino, mwina oimbawo anangoyamba nyimbo pamwamba. Makwaya amatero.

Che Mawaya: Makwaya amaterodi a Gama, n'chifukwa chake khutu lokha silokwanira. Koma apa 50 imeneyo ndi ya lero. Ikulowa kudzera pa deki, mawaya kapena chaja ya laputopu, ndipo siyenda ndi tepi, choncho imakhala pa 50 nthawi zonse. Kuti mutsimikize, dinani Pause pa deki mukujambulabe: 50 ndi 150 zitsala, 52, 156 ndi 260 zizimirira. Zomwe zazimiriazo ndi za pa tepi.

Masamu ake: 260 kugawa ndi 5 ndi 52, 156 kugawa ndi 3 ndi 52, zikugwirizana. 52 pa 50 ndi 1.04, tepi ikuthamanga ndi 4 peresenti. Apa ambiri amapunthwa polemba -4. Kubweza kwake ndi 50 kugawa ndi 52, zomwe ndi 0.9615, choncho pa Percent Change lembani -3.846. Mukatha yezaninso malo omwe aja. Zinali pa 260 zikhale pa 250, zinali pa 156 zikhale pa 150. Ya lero ija mudzaiona yatsikira pa 48, ndi momwe ziyenera kukhalira.

Okonda kulemba malamulo, pulogalamu ya SoX imachita zomwezo:

```
sox mbaliA.wav mbaliA_liwiro.wav speed 0.9615 rate -v 48000
```

Ndisanaiwale, chotsani chaja ya laputopu pojambula muone ngati 50 ya leroyo itsike. Kawirikawiri imatsika. Ikatsika, jambulaninso mbali yonseyo pa batire, musachite kuisefa pambuyo.

Fundi_wa_Chipata: Njira ya a Mawaya ndi yabwino koma ili ndi msampha umodzi wa kwathu kuno: jenereta. Ngati tsiku lojambulalo magetsi anathima n'kuyatsa kajenereta, kung'ung'udza sikunali pa 50. Tijenereta tating'ono timayenda pa 52 ngakhale 53 tikakhala topepukidwa, n'kutsika ampulifaya ikakoka. Mukhoza kuchedwetsa tepi yomwe inalibe vuto. Chizindikiro chake n'chakuti nsongayo imakhala yotakata ndipo imasuntha mukayeza malo osiyanasiyana, pomwe ya magetsi a pa waya imakhala yowongoka.

Ngati muli kiyibodi m'nyimbomo, ndiye mboni yachiwiri. Kiyibodi imachunidwa kuti noti ya A ikhale pa 440 Hz. Pa 4 peresenti noti imeneyo ikhala pafupi ndi 458. Kiyibodi yokha sikwanira, chifukwa noti yotsatira ili pa 466, ndiye 458 ikhoza kukhala 440 yokwera kapena 466 yotsika. Koma kung'ung'udza kukati 4 peresenti, ndipo mutakonza kiyibodi n'kugwera ndendende pa manoti ake, nkhani yatha.

Nabanda: Kiyibodi ilimo. Nditatsitsa ndi -3.846 ndayika chochunira gitala cha pa foni pafupi ndi sipika, manoti aatali akugwera pakati. Mabesi abwerera. Nanga kubanika kwa mawu kuja? Kukadalipo, mwina kwawonjezekanso.

Che Mawaya: Kuwonjezeka n'koyembekezeka, poti mwatsitsa zonse pang'ono. Kubanikako sikukonzedwa mu kompyuta, mujambulanso. Pali zinthu zitatu, ndipo muzitsate mwa dongosolo ili.

Choyamba litsiro. Tepi yakale imasiya fumbi lofiirira pa hedi, kachitsulo komwe kamawerenga mawu pa tepi. Nyowetsani kathonje ka m'makutu ndi sipiriti ya aisopuropailo ya 99 peresenti, pukutani hedi ndi kachitsulo kozungulira komwe kamakoka tepi mpaka thonje litatuluka loyera, dikirani mphindi ziwiri ziume. Sipiriti yofiirira ya m'magolosale isiyeni, imasiya utoto. Kathayala ka labala komwe kamapanikiza tepi pa kachitsulo kozungulirako pukutani ndi thonje lonyowa madzi pang'ono, sipiriti ikachuluka imakaumitsa. Pa makaseti akale chitani izi mbali iliyonse ikatha.

Chachiwiri, ndipo ndikukayikira kuti vuto lanu lagona apa, ndi kaimidwe ka hedi, komwe mafundi amati azimuti. Kampata ka pa hedi kayenera kuima chimodzimodzi ndi momwe ka makina ojambulira kanaimira. Yojambulirayo ikakhala kuti inali yopendekeka pang'ono, deki yowongoka bwino imaphonya mawu akuthwa onse. Hedi imamangidwa ndi masikuluwu awiri, imodzi ili ndi sipuling'i pansi pake, imeneyo ndiyo yosinthira. Pa ma deki ambiri chivundikiro cha chitseko chimachoka mukachikankhira m'mwamba, ndipo sikuluwuyo imaonekera tepi ikamayenda. Lembani chizindikiro pomwe ili musanaigwire. Valani mahedifoni, phatikizani kumanzere ndi kumanja kukhale mono, potozani pang'ono uku ndi uku, osapitirira kota ya kuzungulira. Mumva mawu akuthwa akutseguka kenako akutsekekanso. Imani pomwe "s" wa oimba ndi phokoso la "sii" la tepi zawala kwambiri. Mono ndi yofunika chifukwa mbali ziwirizo zikasemphana zimafafanizana, kulakwika kumamveka msanga. Kaseti iliyonse ili ndi malo ake, nthawi zina mbali A ndi B zimasiyananso. Sikuludiraiva isakhale ya maginito.

Chachitatu mabatani. Yang'anani pamwamba pa kaseti. Ya wamba, Type I, ili ndi mabowo awiri okha a kumapeto, oteteza kufufuta. Ya kuromu, Type II, ili ndi ena awiri moyandikana nawo. Mukasewera ya wamba batani lili pa kuromu, mawu akuthwa amatsika ndi ma dB anayi kapena kuposerapo. Dolby nayo, njira yochepetsera phokoso la tepi, mukaiyatsa pa tepi yomwe inajambulidwa popanda Dolby, imabanika ndipo mawu amachita ngati akupuma.

Mbalezakale: Pa Dolby ine ndimati zimitsani nthawi zonse pojambula. Tepi ya zaka 30 yafooka, Dolby ya mu deki imaganiza kuti mawu ndi otsika kuposa momwe alili, n'kudula mopyola muyeso. Mukajambula yozimitsa mutha kutsitsa mawu akuthwa nokha pambuyo.

Che Mawaya: Pamenepo tisiyana achimwene. Dolby sidula mofanana ponseponse, imadula kwambiri pomwe nyimbo yatsika, pang'ono pomwe yakwera. Ikwalaiza siingabweze zimenezo. Dolby B mutha kuizemba osamva kwambiri, koma Dolby C yosamasulidwa imamveka yofinyika moipa. Ngati pa chikuto anachonga Dolby, konzani azimuti kaye, kenako jambulani kawiri, yoyatsa ndi yozimitsa, musunge zonse. Mbali ya mphindi 45 pa 48000 Hz ndi mabiti 24 ndi pafupifupi 780 MB, si zoti n'kuumira.

Mbalezakale: Kujambula kawiri ndavomera. Kuti yoyatsayo ndiyo izikhala yeniyeni, ayi, makutu anga akukanabe.

Mai a Tadala: Pepani kulowerera. Ine ndinagula kaja kooneka ngati wokumani kolowetsa fulashi, kamasandutsa kaseti kukhala MP3 kokha popanda kompyuta. Bwanji osangogula kameneko m'malo movutika ndi masikuluwu? Funso langa ndi lina: ndili ndi kaseti ya agogo akufotokoza mbiri ya banja, inajambulidwa pa wailesi ya mabatire. Koyambirira ali bwino, chakumapeto mawu akukwererakwerera mpaka sakumveka ngati iwo.

Fundi_wa_Chipata: Mayi, timakina timeneto n'tothandiza kudziwa zomwe zili pa kaseti, koma kaseti ya agogo musaidalitse pamenepo. Gudumu lake lolemera lomwe limasalaza liwiro ndi laling'ono, mawu amagwedera, ndipo MP3 imataya zina zomwe simudzazipezanso. Bwerekani deki yeniyeni.

Za kukwera kwa mawu: mabatire ankatha akujambula, mota n'kumachedwa pang'onopang'ono. Lero pa liwiro loyenera zikutuluka mosemphana, kuthamanga kukuwonjezeka kumapeto. Nambala imodzi ya Change Speed singakonze izi poti kulakwika kukusintha. Mu Audacity pitani pa Tracks, Add New, Time Track. Pabwera mzere womwe mumaikapo timadontho ndi Envelope Tool: pomwe mawu ali bwino siyani pa 100, chakumapeto tsitsani. Imayamba ndi malire a 90 mpaka 110, ngati sakukwana akulitseni pa menyu ya Time Track yomweyo. Mabatire satha mowongoka, amagwira nthawi yaitali kenako n'kugwa msanga, ndiye timadontho tichuluke m'mphindi zomaliza.

Chovuta n'chakuti pa mabatire palibe kung'ung'udza kwa 50 Hz koti muyezere. Fufuzani chilichonse chokhazikika chomwe chikumveka koyambirira ndi kumapeto komwe, monga wotchi yapakhoma ikugunda. Ngati palibe, mutsala ndi mawu a agogowo: dulani chiganizo cha koyambirira, muchiike pambali, muzifananiza nacho. Sizikhala ndendende, munthu akatopa kapena akatengeka mawu amasintha okha.

Gama_Jnr: Nanga ija yoti mawu akugwedera ngati woimba ali pa njinga m'msewu wa mabampu? Time Track ikonza?

Che Mawaya: Imeneyo ayi, kusinthako n'kofulumira kwambiri moti simungakutsate ndi dzanja. Mapulogalamu ake alipo koma ndi odula. Mwayi wake n'ngwakuti kugwedera kambiri kumachokera pa kusewera kwa lero, ndiye kumachoka mukakonza makina. Lamba wa mota akatambasuka amapereka kugwedera kochedwa, kumamveka pa noti yaitali ya kiyibodi. Kathayala ka labala kouma kapena konyezimira kamaterereka, mawu amanjenjemera mofulumira ndipo nthawi zina tepi imatafunidwa. Lamba akasungunuka n'kusanduka phula lakuda, pukutani lonse ndi sipiriti, yezani njira yake ndi ulusi, mugule wamfupi ndi pafupifupi 5 peresenti, wofanana m'lifupi. Labala yomangira ndalama si lamba.

Kasetiyo payokha imathanso kulimba. Musanaisewere ithamangitseni mpaka kumapeto n'kuibweza kuti tepi iyalane bwino. Yang'anani kapilo kakang'ono komwe kamakankhira tepi pa hedi: guluu wake amauma, kamagwa, mawu n'kumazimirazimira. Ngati chikombole chapindika kapena chikulira, samutsirani tepiyo mu chikombole china chomanga ndi masikuluwu asanu. Yoduka lumikizani ndi tepi yolumikizira yeniyeni kumbuyo kwake, selotepi imatulutsa guluu yemwe amamata mizere yoyandikana. Yomera nkhungu yoyera m'mbali musailowetse mu deki yomwe mukuseweretsera ena. Ndipo thyolani timano ta pamwamba tija musanayambe, chala chimaphonya n'kudina Record.

Nabanda: Azimuti yathandiza kwambiri, ndapotoza pang'ono chabe mawu a masopurano n'kutseguka. Ndajambulanso, ndabwereza -3.846. Tsopano mbale zija. Ndalumikiza galamafoni molunjika ku UCA202, mawu ndi otsika kwambiri, opanda besi, kuthetheka ndiye kukuposa nyimbo.

Mbalezakale: Mwadumpha chipangizo chimodzi achemwali. Singano imatulutsa mphamvu yochepa, mamilivoti 3 mpaka 5, pomwe deki imatulutsa mazanamazana. Komanso podula mbale amachepetsa besi ndi kukweza mawu akuthwa mwadala, motsata muyezo wa RIAA, pafupifupi 20 dB kumapeto onse awiri. Pamafunika chokuzira cha fono chobweza zimenezo. Ngati muli ndi ampulifaya yakale yokhala ndi polowera polembedwa PHONO, lowetsani galamafoni pamenepo, mutenge mawu pa TAPE OUT kapena REC OUT kupita ku UCA202. Kawaya kowonda ka GND kamangidwe pa sikuluwu yake, kupanda apo kung'ung'udza. Kuthetheka kutsika kokha mukachita izi, chifukwa pano mukukumva kutakwezedwa. Pojambula nsonga zifike cha pa -6 dB. Onaninso kuti Windows yaika chipangizocho pa matchanelo awiri, imakonda kuchitenga ngati maikolofoni ya mono.

Kenako tsukani mbale. Kuthetheka kochuluka ndi fumbi la m'mizere, osati zokala. Madzi osungunula a m'mabatire a galimoto, osakhala asidi, theka la lita, ndi dontho limodzi la sopo wamadzi wa ziwiya. Pakani ndi bulashi yofewa motsata mizere, pepala la pakati lisanyowe, tsukuluzani ndi madzi osungunula okhaokha, imikani iume yokha. Madzi a pa mpopi kapena a pa mjigo amasiya mchere m'mizere, kuthetheka kumawonjezeka. Ena amathira sipiriti pang'ono m'madziwo, ena amakana, koma pa mbale za 78 palibe mkangano: sipiriti imazisungunula. Za 78 zimafunanso singano yakeyake yonenepa.

Singano ipukuteni ndi kabulashi kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, ndipo kulemera kwake kukhale komwe opanga ananena, mwachitsanzo magalamu 2 pa AT-VM95E. Yopepuka mopitirira imadumphadumpha m'mizere n'kuwononga kuposa yolemera pang'ono. Liwiro yesani ndi kapepala pa mbale ndi wotchi: pa 45 izungulire ka 45 pa mphindi, pa 33 izungulire ka 100 pa mphindi zitatu ndendende.

Gama_Jnr: Ndiye akatsuka aponde Noise Reduction ija ndinanena.

Mbalezakale: Noise Reduction ndi ya phokoso losalekeza, monga "sii" wa tepi. Imaphunzira phokosolo pa Get Noise Profile n'kulichotsa ponseponse. Kuthetheka ndi kwadzidzidzi, kamodzi kamatenga gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 1000 a sekondi, ndiye Noise Reduction imangokafafaniza m'mbali, kenako chochotsera kuthetheka chimalephera kukazindikira. N'chifukwa chake kuthetheka kumachotsedwa poyambirira, pa fayilo yosakhudzidwa, musanasinthe liwiro, ikwalaiza kapena china chilichonse.

Yambani ndi zikuluzikulu pamanja. Chokala chodutsa mizere chimagunda kamodzi pa kuzungulira kulikonse, masekondi 1.8 pa mbale ya 33, sekondi 1.33 pa ya 45, ndiye mukapeza kamodzi mukudziwa pomwe kena kali. Kuzani chithunzi mpaka timadontho tioneke, sankhani kansongako kokha, Effect, Repair. Imalola timadontho 128 basi, ndipo imalemba malowo potengera mawu a mbali zonse ziwiri. Pa 48000 Hz timadontho 128 ndi pafupifupi magawo 2.7 mwa 1000 a sekondi. Musadule kansongako n'kutaya, mukadula kambiri ng'oma imayamba kutsimphina.

Zing'onozing'ono ndi za Click Removal. Imabwera ndi Threshold 200 ndi Max Spike Width 20. Kutsitsa Threshold kumagwira zambiri, koma kumayambanso kudya nyimbo, makamaka kumenya kwa ng'oma, kuwomba m'manja ndi kukhwatcha kwa gitala, poti zonsezi zimaoneka ngati kuthetheka. Njira yodziwira: pangani Duplicate kawiri, pa imodzi ikani Click Removal kenako Invert, sankhani ziwirizo, Mix and Render. Chotsalacho ndi zomwe zachotsedwa. Muzimva "tha, tha" wosalongosoka. Mukamva kugunda kotsata nyimbo, mwapyola, kwezani Threshold.

Click Removal ya Audacity siichita bwino pa kuthetheka kwa mbwee kosalekeza. Pamenepo pulogalamu ya ffmpeg imaposa:

```
ffmpeg -i mbale.wav -af adeclick=t=4 -c:a pcm_s24le mbale_yoyera.wav
```

Ikasiyidwa yokha t imakhala 2, yomwe pa nyimbo za ng'oma zambiri imaluma. Yambani pa 4, muzitsika mukumvetsera chotsala chija. Gawo la -c:a musalisiye, kupanda apo fayilo ituluka ya mabiti 16.

Fundi_wa_Chipata: Mbale za 45 zambiri zakale ndi za mono. Jambulanibe mu sitiriyo, chotsani kuthetheka mbali iliyonse payokha, kenako phatikizani ndi Mix Stereo Down to Mono. Nyimbo ili chimodzimodzi ku makoma onse awiri a mzere, pomwe fumbi limakhala khoma limodzi, ndiye pophatikiza phokoso limatsikanso. Nthawi zina khoma limodzi linadyeka ndi singano yakutha, pamenepo tengani mbali yabwinoyo yokha. Mukatero ikani High-Pass Filter pa 20 Hz, 24 dB, kuchotsa kugudubuza kwa mota. Noise Reduction ibwere pomaliza ngati ikufunikadi, 6 dB yakwana, ndipo mverani Residue musanavomere. Mukaikweza kufika 15 kapena 20 kwaya imamveka ngati ikuimbira pansi pa madzi.

Mbalezakale: Chimodzi chomwe chimasokoneza anthu pa za 45: zambiri zili ndi bowo lalikulu, ndipo kodzazira pakati kakakhala kolobodoka mbale imakhala mopendekera. Mawu amakwera ndi kutsika kamodzi pa kuzungulira kulikonse. Yang'anani mkono wa singano, ngati ukuyenda uku ndi uku mbale ikamazungulira, ndi zimenezo. Chotsani kodzazirako, sunthani mbale ndi chala pang'onopang'ono mpaka mkono utakhazikika, ndiye mujambule.

Mai a Tadala: Nanga zonsezi zikatha ndisunge MP3 kapena chiyani? Abale akufuna pa WhatsApp.

Che Mawaya: Mafayilo atatu mayi. Yoyamba ndi yomwe yatuluka mu deki, yosakhudzidwa, WAV kapena FLAC, imeneyo musaisinthe ngakhale pang'ono. Yachiwiri yokonzedwa, FLAC. Yachitatu MP3 ya abale, yochokera pa yachiwiriyo, ndipo pa WhatsApp itumizeni ngati Document kuti ifike momwe ilili. Pambali pake lembani kafayilo ka mawu: deki yanji, Dolby yoyatsa kapena ayi, liwiro munasintha ndi nambala yanji ndipo munayezera chiyani. Ziwiri zoyambazo zikhale malo awiri osiyana. Kasetiyo musataye.

Nabanda: Funso lina pa kaseti ya kwaya ija. Mbali B ndayeza, koyambirira nsonga ili pa 260 ngati mbali A, koma nyimbo ziwiri zomaliza ili pa 255. Ndiike Time Track?

Che Mawaya: Yezani mpata uliwonse wa pakati pa nyimbo kaye. Ngati ikutsika pang'onopang'ono, 260, 258, 257, 255, ndiye Time Track. Ngati yadumpha kamodzi kuchoka pa 260 kufika pa 255, nyimbo ziwirizo zinajambulidwa tsiku lina kapena pa makina ena. Zikatero dulani pa mpatawo, zoyambazo -3.846, ziwiri zomalizazo 250 kugawa ndi 255, yomwe ndi 0.9804, pa Percent Change -1.961. Azimuti ya nyimbo ziwirizo muimverenso payokha.

Fundi_wa_Chipata: Kapena ndi pomwe anayatsa jenereta. Kiyibodi ilimo m'nyimbo ziwirizo?

Nabanda: Mulibe, n'zapakamwa zokha. Mipata ndiyeza madzulo ano.